Chiwerengero chobwereka: mwini wake ndani, ndipo atchulidwe bwanji?

Malipoti ambiri a mabungwe ndi a maunduna a boma amadzaza ndi ziwerengero zimene olemba ake sanachite kuwerenga okha. Bungwe likamalemba za njala, za umphawi kapena za ulimi, kawirikawiri silipita m'midzi kukafunsa anthu khomo ndi khomo. Limatenga nambala m'kafukufuku wa ena n'kuiika m'lipoti lake, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabuka munthu wachitatu akaipeza nambalayo n'kufuna kuigwiritsa ntchito, kaya ndi mtolankhani, wophunzira wa ku yunivesite kapena wolemba kalata yopempha thandizo la ndalama. M'manja mwake muli mayina awiri: dzina la lipoti limene wawerenga, ndi dzina la kafukufuku amene maso ake sanamuonepo. Ayenera kusankha chimene alembe.

Pali njira ziwiri zolakwika zimene zimakopa anthu. Yoyamba ndi kutchula lipoti lokha, ngati kuti eni lipotilo ndiwo anapeza nambalayo. Apa mwini ntchito amafafanizika, ndipo chaka cha lipoti chimalowa m'malo mwa chaka chimene anthu anafunsidwa. Yachiwiri ndi kudumpha lipoti n'kutchula kafukufuku woyambirira yekha, pamene wolembayo sanamutsegule n'komwe. Njira imeneyi imaoneka yaukatswiri, koma ndi bodza laling'ono: wolemba akuuza owerenga kuti anaona chinthu chimene anangochimva. Ngati lipoti linalakwitsa pokopera, cholakwacho amachisenzetsa anthu amene sanachilembe.

Lamulo lake ndi lodziwika kale pabwalo la milandu la amfumu. Mboni yoona ndi maso ndi mboni yochita kumva zonse zimaloledwa kuyankhula, koma yochita kumvayo imayenera kunena amene anaiuza. Polemba, choyamba n'kufunafuna kafukufuku woyambirirayo, kumuwerenga, n'kutchula iyeyo. Zikakanika, wolemba amatchula onse awiri, moonetsa poyera kuti nambala ndi ya uyu koma yapezeka kudzera mwa uyo.

Chifukwa chake chimaoneka bwino m'nkhani ya chiwerengero china chotchuka kwambiri pa zaulimi mu Africa. Kwa zaka zambiri, malipoti a mabungwe, zolankhula za akuluakulu pamisonkhano ndi nkhani za m'nyuzipepala zakhala zikubwereza kuti amayi amagwira 60 mpaka 80 peresenti ya ntchito zaulimi mu Africa. Chiwerengerochi chinkamveka chokhazikika chifukwa chinkapezeka paliponse, ndipo aliyense wochitchula ankaloza ku lipoti lina lolemekezeka. Akatswiri atatu ogwira ntchito ku World Bank, Amparo Palacios-Lopez, Luc Christiaensen ndi Talip Kilic, anachilondola kubwerera m'mbuyo. Chinawafikitsa ku cholembedwa cha mu 1972 cha nthambi ya United Nations yoona za chuma cha mu Africa, imene imadziwika ndi dzina lachidule loti UNECA. Kumeneko sikunapezeke tebulo la mabanja ofunsidwa kapena kufotokoza kwa momwe anawerengera. Panali chiganizo chimodzi chonena kuti ndi anthu ochepa amene angatsutse kuyerekeza kotero. Chinali chongoyerekeza, ndipo olemba ake sanabise zimenezo. Amene anabwera pambuyo ndiwo anataya mawu oti kuyerekeza panjira, nambala n'kutsala yokha ikuoneka ngati yochokera m'kalembera.

Akatswiri atatuwo sanalekere pa kulondola. Anatenga mayankho a kafukufuku wa mabanja wa m'maiko asanu ndi limodzi, Ethiopia, Malawi, Niger, Nigeria, Tanzania ndi Uganda, momwe munalembedwa ntchito imene munthu aliyense wa pabanja anagwira pamunda uliwonse. Za ku Malawi zinachokera m'kafukufuku wachitatu wa umoyo ndi chuma cha mabanja, wotchedwa IHS3, amene ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya ku Zomba, NSO, inachita mu 2010 mpaka 2011 pa mabanja oposa 12,000. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya akatswiri yotchedwa Food Policy mu 2017. Pophatikiza maiko onsewo, gawo la amayi pa ntchito yolima mbewu linali 40 peresenti. Ku Malawi, Tanzania ndi Uganda linapitirira pang'ono theka. Ku Nigeria linali 37 peresenti, ku Ethiopia 29, ndipo ku Niger 24 yokha. Palibe dziko mwa amenewa limene linafika pa 60.

Izi sizikuchepetsa thukuta la amayi. Kafukufukuyo anayeza ntchito ya m'munda wa mbewu basi. Sanawerengere kusinja, kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika kapena kulera ana. Ndipo mfundo yomweyi ikusonyeza kuti chiwerengero chatsopanochi nachonso chikhoza kupotozedwa mosavuta ngati chakale chija. Wolemba kuti amayi amagwira 40 peresenti ya ntchito zaulimi mu Africa walakwitsa kawiri, chifukwa maiko asanu ndi limodzi si Africa yense, ndipo kulima mbewu si ulimi wonse. Wolemba za Malawi n'kutchula 40 peresenti walakwitsanso, poti ya Malawi ndi yoposa theka.

Pa ulendo wake wautali, chiwerengero cha 60 mpaka 80 chija chinasinthanso tanthauzo. Chinayamba ngati gawo la ntchito, koma m'zolemba zambiri chinasanduka gawo la chakudya: ati amayi amalima 60 mpaka 80 peresenti ya chakudya chonse. Katswiri wa zachuma Cheryl Doss, m'pepala la mu 2011 limene linalembedwa pokonzekera lipoti lalikulu la bungwe la FAO, anasonyeza kuti nambala yotere n'njovuta kuitsimikiza ndi umboni. Munda wa chimanga umene bambo anagalauza, mayi n'kubzala, onse n'kupalira limodzi, ana n'kuthandiza kukolola, matumba ake sangagawidwe kuti awa ndi a mkazi, awa ndi a mwamuna. Lipoti la FAO la 2010 mpaka 2011 lokhudza amayi pa ulimi linapereka nambala inanso: amayi ndi 43 peresenti ya anthu ogwira ntchito zaulimi m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo kumwera kwa chipululu cha Sahara amayandikira theka. Apatu pali zinthu zitatu zosiyana zimene zikuyezedwa. China ndi kuwerenga mitu ya anthu olima, china ndi kuwerenga nthawi imene athera kumunda, china ndi kuwerenga zokolola. Lipoti lobwereka nambala limatha kusakaniza zitatuzi m'chiganizo chimodzi, ndipo wowerenga lipoti lokhalo alibe pozindikirira. Kafukufuku woyambirira yekha ndi amene amanena momveka funso limene anthu anafunsidwa.

Ndiye ntchito yoyamba ya wolemba ndi kuzindikira kuti nambala imene waipezayo ndi yobwereka. Zizindikiro zake sizibisika. Pambali pa chiganizo pamakhala kanambala kakang'ono kokwera m'mwamba, kolozera ku mawu a m'munsi mwa tsamba kapena a kumapeto kwa lipoti. Kapena pamakhala dzina ndi chaka m'mabulaketi. Pansi pa tebulo kapena chithunzi cha mizere pamakhala mzere wa zilembo zing'onozing'ono woyamba ndi mawu oti `Source:`, umene anthu ambiri saupenya n'komwe. Chizindikiro china ndi malo amene nambala yaikidwa. Ziwerengero za m'mawu oyamba a lipoti, pofotokoza kukula kwa vuto, pafupifupi nthawi zonse zimakhala za ena. Zimene eni lipoti anapeza okha zimakhala m'gawo la zotsatira, pambuyo pa gawo lofotokoza anthu amene anafunsidwa, kuchuluka kwawo ndi malo ake. Lipoti lopanda gawo lotere silinawerenge chilichonse palokha.

Akapeza dzina la gwero, wolemba amalifunafuna n'kulitsegula. Ambiri amathera pa kuona kuti chikalatacho chilipodi, koma ntchito yeniyeni ndi kupeza tsamba kapena tebulo pamene pali nambalayo. Pamenepo amafananiza: kodi nambala ndi yomweyo, kapena yasadzulidwa kuti ikhale yosavuta kutchula? Kodi ikunena za anthu omwewo, dziko lonse kapena maboma ochepa, akumudzi okha kapena ndi a m'tauni omwe? Inatengedwa chaka chiti? Ndipo funso lalikulu: kodi chikalata chachiwirichi chinawerenga chokha, kapena nachonso chikuloza kwina? Chikaloza kwina, ulendo umapitirira, mpaka kufika pamene pali anthu amene anafunsadi mafunso kapena kuyeza. Nthawi zambiri sipatali, zikalata ziwiri kapena zitatu. Koma nthawi zina mapeto ake amakhala ngati a 1972 aja, chiganizo chopanda tebulo kumbuyo kwake.

Kalembedwe kake kamadalira pamene ulendowo wathera. Wolemba amene watsegula kafukufuku woyambirira n'kuona nambalayo ndi maso ake amatchula kafukufukuyo mwachindunji, pamodzi ndi tsamba kapena nambala ya tebulo, ndipo lipoti limene linamulondolera kumeneko safunika kulitchula, pokhapokha ngati watengamonso maganizo ena. Amene walephera kumupeza, mwina chifukwa ndi wakale, sanaikidwe pa intaneti kapena ngolipiritsa, amalemba mayina onse awiri. M'masukulu a ukachenjede ambiri amatsata kalembedwe ka APA, ndipo wophunzira amene wawerenga pepala la mu 2017 lija koma sanaone cholembedwa cha mu 1972 amalemba chonchi m'kati mwa nkhani yake:

```
(UNECA, 1972, as cited in Palacios-Lopez et al., 2017)
```

Dzina loyamba ndi la mwini mawu, lachiwiri ndi la amene wophunzirayo wawawerengadi. Pamndandanda wa mabuku wa kumapeto, APA imafuna kuti palembedwe chachiwiri chokhacho, chifukwa mndandandawo ndi wa zinthu zimene wolemba anagwira m'manja. Kalembedwe ka Chicago, kamene olemba mbiri yakale amakakonda, kamasiyanako: m'mawu a m'munsi mwa tsamba mumalembedwa tsatanetsatane wa zonse ziwiri, polumikiza ndi mawu oti `quoted in`. Kusiyanaku n'kwa kaonekedwe chabe. Zonse zikuuza wowerenga kuti pakati pa wolemba ndi gwero padutsa munthu wina.

Mtolankhani kapena wolemba m'magazini alibe mabulaketi otere, koma chiganizo wamba chimagwira ntchito yomweyo. Atha kulemba kuti chiwerengero cha 60 mpaka 80 peresenti chinachokera ku kuyerekeza kwa UNECA mu 1972, malinga ndi akatswiri a ku World Bank amene anachilondola mu 2017. Chiganizochi n'chotalikirapo kusiyana ndi kungoti "malinga ndi United Nations", ndipo akonzi a nyuzipepala amakonda kudula mawu oterewa malo akachepa. Kudulako kumachotsa ndendende chimene wowerenga amafunikira kuti adziwe kulemera kwa nambalayo.

Kalembedwe ka "kudzera mwa" aka sikayenera kukhala kothawirako ulesi. Kanapangidwira magwero osapezeka. Malipoti a NSO, a FAO ndi a World Bank ambiri ali pa intaneti kwaulere, ndipo pepala la wophunzira lodzaza ndi `as cited in` pa zikalata zoterozo limangosonyeza kuti mwini wake sanavutike kuzitsegula.

Chaka ndi chinthu chimene chimasokonekera kwambiri nambala ikamadutsa m'manja ambiri. Chitsanzo chapafupi ndi cha ana opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya m'thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi, wotchedwa MDHS, anapeza mu 2010 kuti ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wotsatira wake, amene anachitika mu 2015 mpaka 2016 ndipo lipoti lake lalikulu linatuluka mu 2017, anapeza 37 mwa 100 aliwonse. Nambala ya 37 imeneyi inalowa m'malipoti ambirimbiri a mabungwe kwa zaka zotsatira. Wolemba amene waipeza m'lipoti losindikizidwa patapita zaka zisanu, n'kungotchula lipotilo ndi chaka chake, amapangitsa owerenga kuganiza kuti ana anayezedwa chaka chimenecho. Choopsa kwambiri n'choti atha kuyerekeza malipoti awiri a zaka zosiyana, onse olemba 37, n'kulengeza kuti palibe chimene chasintha, pamene kwenikweni wawerenga muyezo umodzi womwewo kawiri. Pa nambala imodzi pamatha kukhala zaka zitatu: chaka chimene ana anayezedwa, chaka chimene kafukufuku anasindikizidwa, ndi chaka cha lipoti lobwereka. M'mabulaketi mumalowa chaka chosindikiza, koma m'chiganizo chenichenicho muyenera kumveka chaka choyeza. Mawu oti "pakali pano" sagwirizana ndi nambala yakale.

Msampha wina wofanana nawo ndi wa kuchuluka kwa mboni. Wolemba wosamala amafuna kutsimikiza, ndiye amayang'ana malipoti atatu kapena anayi, n'kupeza kuti onse akunena nambala imodzi. Mtima umakhala pansi. Koma malipotiwo akakhala kuti onse anatunga pachitsime chimodzi, kugwirizana kwawo sikuwonjezera umboni uliwonse. Kukungosonyeza kuti anakopera bwino. Umu ndi momwe chiwerengero cha 60 mpaka 80 chinalimbira: chinkaoneka chotsimikizika chifukwa cha kubwerezedwa, ndipo kubwerezedwako kunkalimbikitsa enanso kuchibwereza. Kutsimikiza kwenikweni kumafuna kafukufuku wina amene anawerenga payekha, pa anthu ena kapena ndi njira ina. Kuika mayina a malipoti anayi kumapeto kwa chiganizo chimodzi pamene gwero lawo ndi limodzi kumanamiza wowerenga, ngakhale wolembayo alibe cholinga chotero.

Pali malo ena pamene lamulo lotchula gwero loyambirira limafuna kusamala, chifukwa si nthawi zonse pamene wachiwiri amangokopera. Nthawi zina amatenga mayankho osakonza a kafukufuku wa ena n'kuwerengera yekha nambala yatsopano. Gawo la amayi a ku Malawi pa ntchito ya kumunda lija ndi lotero. Amene anayenda m'midzi ndi mapepala a mafunso ndi a NSO, koma amene anasonkhanitsa nthawi ya ntchito ya amuna ndi akazi n'kupeza gawolo ndi akatswiri atatu aja. Wolemba kuti "NSO ikuti amayi amagwira ntchito yoposa theka" waika mawu m'kamwa mwa ofesi imene sinawanene m'njira imeneyo, ndipo wowerenga wofuna kutsimikiza angavutike pachabe. Kalembedwe koyenera n'kakuti nambalayo inawerengedwa ndi Palacios-Lopez ndi anzake pogwiritsa ntchito mayankho a IHS3. Apa lipoti lachiwiri ndilo gwero loyambirira la nambalayo. Chozindikirira chake chimakhala pansi pa tebulo, pamene m'malo mwa dzina la buku pamalembedwa mawu onga `authors' calculations` otsatiridwa ndi dzina la kafukufuku.

Zimachitikanso kuti wolemba atsegula gwero n'kupeza kuti likunena zosiyana ndi lipoti limene linamutumiza kumeneko. Mwina nambala yasintha pokopera, mwina ya chigawo chimodzi yalembedwa ngati ya dziko lonse. Zikatero, mawu a gwero ndiwo amatengedwa. Ngati nambala yolakwikayo ndi yotchuka moti owerenga adzadabwa poona ina, ndi bwino kutchula kusiyanako m'chiganizo chimodzi, osanyoza amene analakwitsa. Koma asanagamule kuti lipoti lalakwa, wolemba aonetsetse kuti watsegula chikalata cholondola. Kafukufuku mmodzi amatha kutuluka kawiri, koyamba ngati pepala loyeserera kenako m'magazini ya akatswiri, monga momwe ntchito ya akatswiri atatu aja inatulukira koyamba ku World Bank mu 2015 isanasindikizidwe mu 2017. Maofesi a ziwerengero nawonso amayamba ndi kutulutsa zotsatira zoyambirira, lipoti lomaliza n'kubwera pambuyo. Nambala zimatha kusintha pang'ono pakati pa ziwirizo, ndipo chotchulidwa chiyenera kukhala chimene wolemba wawerengadi.

Chovuta kwambiri ndi pamene ulendo uthera m'malere. Lipoti latchula nambala popanda gwero, kapena gwero lotchulidwalo mulibe nambalayo, kapena likuloza ku lipoti lina limene likubwereranso ku loyamba lija. Ziwerengero zotere zimakhala ndi maonekedwe ake: nambala zosalala zothera ndi ziro, mpata waukulu ngati wa 60 mpaka 80, dera lalikulu ngati kontinenti yonse, ndi mawu oti "akuti" kapena "kafukufuku wasonyeza" opanda dzina kapena chaka. Palibe kalembedwe ka mabulaketi kamene kangakonze nambala yotere. Wolemba atha kuisiya n'kufunafuna ina imene ili ndi mwini wake, ngakhale itakhala yosachititsa chidwi ngati yoyambayo. Ngati nkhani yake ikukhudza kutchuka kwa nambalayo, atha kuitchula ngati chinthu chimene chimanenedwa kawirikawiri, n'kunena lipoti limene waipezamo komanso kuti lipotilo silinasonyeze kumene linaitenga. Kulembera eni lipoti kuwafunsa gwero kumathandizanso nthawi zina, ndipo akayankha ndi dzina la chikalata, wolemba amachitsegula n'kufufuza tebulo lake monga achitira ndi gwero lina lililonse.